Kachewere wa ku Tsangano, ogula a ku Tete, ndi mametikali 3,000

Kachewere wa ku Tsangano amalimidwa kumtunda kozizira, m'malire ndi Ntcheu, koma ndalama yake ili kutsidya kotentha. Malole amanyamula matumba cha ku Ntengo-wa-Mbalame, kutsika mpaka ku Mussacama, kulowa msewu wa N7, kudutsa Moatize n'kukatsitsa mumzinda wa Tete, kumene mbatatesi sizingabereke chifukwa cha kutentha koma zimadyedwa tsiku ndi tsiku. Aliyense wofuna kutsatsa katunduyu pa Facebook akuyenera kuyamba wagwira mfundo imeneyi: kumene mbewuyo imamera si kumene wogula amakhala. Ambiri amaidziwa pakamwa, koma akatsegula foni amaiwala.

Pali mtsikana wina amene amatsatsira malume ake malonda a kachewere, ndipo ndimasirira kagwiridwe kake ka ntchito. Luso lake limaoneka pa zimene amakana kudina. Meta imamuyalira mabokosi ambirimbiri oti asankhe anthu oona uthenga wake, iye n'kusiya ambiri mwa mabokosiwo opanda kanthu, ndipo bokosi lililonse lomwe walisiya ali nalo chifukwa. Nambala za ndalama zomwe nditchule apa ndi zoyerekezera, zoti masamu aoneke bwino, poti mitengo ya Meta imasintha sabata ndi sabata. Kaganizidwe kake ndiye kenikeni.

Sayambira pa funso loti "ndani aone uthengawu". Amayamba wawerenga thumba. Tinene kuti malume amupatsa mametikali 3,000, omwe ndi madola pafupifupi 47 pa mtengo wa mametikali 64 pa dola. Satsata batani la Boost post lomwe limanyengerera pansi pa chithunzi chilichonse. Amalowa mu Ads Manager n'kusankha kuti uthengawo uzikokera anthu kumulembera pa WhatsApp. Apa pali lamulo la Meta lomwe limalamulira zonse zotsatira: gulu lililonse la mauthenga, lomwe pa sikirini limatchedwa Ad set, limafuna zotsatira pafupifupi 50 m'masiku 7 kuti makinawo aphunzire mtundu wa anthu omwe amayankha. Zikapanda kukwana, pamatuluka mawu oti Learning limited, ndipo mtengo umangoyendayenda osakhazikika. Ngati munthu mmodzi wolemba uthenga akudya mametikali 40, anthu 50 ndi mametikali 2,000 pa sabata, kapena pafupifupi 290 pa tsiku. Ndiye kuti thumba la malume likukwanira gulu limodzi lokha, la mametikali 300 pa tsiku kwa masiku 10. Wina akanaligawa panayi, ati ayese alimi apa, mavenda apo, amayi apo, achinyamata apo. Gulu lililonse likanalandira 75 pa tsiku, anthu awiri olemba, ndipo pakutha pa masiku 10 sipakanakhala gulu lomwe laphunzira kanthu, ngakhale mwini wake yemwe.

Masamu achiwiri ndi omwe amandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi ochepa omwe amawachita. Amafunsa kuti ndalamayi igula maso angati. Tinene kuti kuonetsa uthenga ka 1,000 kukudya mametikali 60. Ndiye kuti 3,000 igula kuonekera ka 50,000. Gulu la anthu likakhala la 3,000 okha, aliyense auona uthengawo ka 16 kapena kuposa, mpaka kunyansidwa nawo. Likakhala la anthu 25,000, aliyense auona kawiri, zomwe ndi zabwino. Choncho asanasankhe bokosi lililonse amadziwa kale kuti akufuna gulu la anthu masauzande makumi angapo, ndipo chosankha chilichonse chomwe chitsitse nambala ya Estimated audience size pansi pa apo amachisiya, ngakhale dzina lake litakoma bwanji.

Kenako malo. Amaika chikhomo pakati pa mzinda wa Tete n'kutambasula bwalo la makilomita 30, lomwe limameza Moatize, poti tawuniyo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Malume poyamba sanamvetse.

"Mwana wanga, kachewere ali kuno, iwe ukukalengeza ku Tete? Bwanji osayamba kuno kwathu anthu atidziwe?"

"Malume, kuno aliyense ali naye pakhomo. Tikalipira kuti aone anansi athu, tikhala tagula moni."

Pali msampha winanso womwe anthu a m'malire okha ndi omwe amaudziwa. Meta imalola bwalo kukula mpaka makilomita 80. Ukaliika pa Tsangano n'kulitambasula, theka lake limagwera ku Malawi, ku Ntcheu ndi ku Lizulu, kumene kachewere wadzadza kale pamsika, mitengo ili m'makwacha ndipo anthu amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamene malume amalandira pa M-Pesa ndi e-Mola. Anthu amenewo akauona uthengawo adzalemba ndithu, chifukwa chinenero ndi chimodzi, ndipo aliyense wolemba adzadya mametikali 40 ake. Bwalo lake likayandikira malire, amaika dziko la Malawi pa malo ochotsedwa. Satero chifukwa chodana ndi abale a kutsidya; tsiku lomwe malume adzafune kugulitsa ku Blantyre, uwo udzakhala uthenga wina, wa mtengo wina, wa thumba lina.

Tsopano tifike pa zokonda, zomwe pa sikirini zili pansi pa Detailed targeting. Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Munthu akugulitsa kachewere, ndiye amalemba Agriculture, n'kuona kuti wachita mwanzeru. Koma Meta siika munthu m'bokosi limeneli chifukwa amagula zokolola. Imamuikamo chifukwa cha masamba omwe amatsatira ndi zomwe amadina. Wokonda zaulimi pa Facebook ndi mlimi mnzako, mwana wasukulu wophunzira zaulimi, mlangizi, wogwira ntchito m'bungwe lachitukuko. Onsewa ndi anthu abwino, koma palibe amene akufuna matumba 20 Lachisanu. Ukalemba Fast food, wapeza wodya tchipisi, osati mwini chiwaya. Ndipo mayi wopikula kachewere pa msika wa Kwachena, amene ndiye wogula weniweni, akatsegula Facebook usiku amaonera nyimbo za kutchalitchi, mpira ndi zithunzi za ukwati wa mphwake. Palibe chomwe chimauza makinawo kuti ndi wamalonda.

Onjezani apo kuti ukaika zokonda zingapo m'bokosi limodzi, Meta imatenga aliyense amene ali ndi chimodzi mwa izo, ndiye gulu limakula m'malo mosefeka. Ukafuna kuti munthu akhale nazo zonse ziwiri, umachita kupanikiza ndi bokosi lachiwiri, ndipo mumzinda wa msinkhu wa Tete gululo limafota msanga kufika pa anthu ochepa omwe aone uthenga ka 16 aja. Mayina a zokondazi nawonso sakhalitsa: mu Januwale 2022 Meta inachotsa zambiri zokhudza chipembedzo, ndale, thanzi ndi mtundu, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikuphatikiza ndi kuchotsa zina. Mtsikanayu amayang'ana kamodzi ngati pali bokosi la oyendetsa masamba a malo odyera kapena a mabizinesi ang'onoang'ono, n'kuona nambala yomwe yatuluka m'bwalo lake. Ikachepa, amafufuta n'kusiya bokosi mbee.

Nanga amasefa ndi chiyani? Ndi mawu a uthengawo. Mzinda wa Tete umalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndiye amalemba m'Chipwitikizi, ndipo katunduyo amamutchula dzina lomwe ali nalo pamsika kumeneko, batata-reno. Mzere woyamba umanena zinthu zitatu zouma: mtengo wa thumba, kuti sagulitsa matumba ochepera 10, ndi tsiku lomwe lole ifike ku Tete. Chithunzi si cha munda wobiriwira wokhala ndi mapiri kumbuyo, ngakhale ali nacho chokongola zedi. Ndi kavidiyo ka masekondi 40: thumba lili pa sikelo, singano ikuoneka, dzanja la malume lang'amba pakamwa pa thumba n'kutulutsa kachewere atatu, dothi lofiira lidakali pakhungu, kenako kupisa mpaka pakati kuti wogula aone kuti zing'onozing'ono sizinabisidwe mkati. Wodya tchipisi amadutsa osaima. Wopikula amaima, chifukwa funso lomwe limamusowetsa tulo ndi lomwelo la pakati pa thumba. Bokosi la chinenero amalisiyanso lopanda kanthu, poti mafoni ambiri amatcheredwa m'Chipwitikizi kapena Chingerezi mosatengera chomwe mwini wake amalankhula kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chomwe amachiyang'anitsitsa masiku ano. Meta imakankhira aliyense ku Advantage+ audience, kumene zokonda ndi magulu omwe wasankha zimatengedwa ngati malangizo chabe, makinawo n'kumapita kunja kwake akafuna. Zomwe zimagwira zolimba ndi zochepa: malo, zaka zoyambira, chinenero ndi magulu omwe wawachotsa. Kwa iye izi si vuto lalikulu, chifukwa mpanda wake weniweni ndi malo ndi mawu. Koma kwa amene akuganiza kuti akuyesa zokonda ziwiri kuti aone yabwino, ndi bwino adziwe kuti mwina magulu ake awiriwo akuonetsedwa kwa anthu amodzimodzi.

Za anthu ofanana, zomwe zimalembedwa Lookalike Audience, kapena Público semelhante pa foni ya Chipwitikizi, anazisiya nyengo yonse yoyamba. Chidachi chinabwera mu 2013, ndipo ntchito yake ndi yosavuta kuimva: umapereka gulu la anthu omwe ukuwadziwa, Meta n'kukufunira ena ofanana nawo. Malamulo ake ndi awa. Gulu loyambira likhale la anthu osachepera 100 a dziko limodzi, ngakhale Meta yomwe imalangiza 1,000 mpaka 5,000. Kukula kwa gulu latsopanolo umasankha pakati pa 1% ndi 10% ya anthu a pa Facebook m'dzikomo, ndipo 1% ndiwo ofanana kwambiri. Omwe ali m'gulu loyambira salowa m'gulu latsopano.

Mlimi wa ku Tsangano safuna kuuzidwa kuti mbewu ukaitola pa zotsala zonyala za pansi pa nkhokwe, munda wonse udzabereka zomwezo. Gulu loyambira ndi mbewu. Losavuta kutola ndi la anthu omwe anakonda tsamba lako, ndipo ndilo loipitsitsa: muli azakhali, anzako a kusukulu, a kwaya, ndi mnyamata yemwe amadina chilichonse. Ukapereka amenewo, Meta idzakubweretsera mokhulupirika anthu masauzande ofanana ndi azakhali ako. Mbewu yabwino ndi anthu omwe anatulutsapo ndalama, ndipo amenewo ali mu kope la malume, lachikuto chothimbirira ndi dothi, momwe muli dzina, nambala ya foni ndi matumba omwe munthu anatenga. Mtsikanayu anawafunsa kaye ogulawo ngati akulola kuti nambala zawo zigwiritsidwe ntchito potsatsa, n'kuzikopera mu fayilo motere:

```
phone,country
25884xxxxxxx,mz
25886xxxxxxx,mz
```

Nambala iliyonse ya ku Mozambique iyambe ndi 258, apo ayi Meta ivutika kuizindikira. Tinene kuti m'kopemo munali mayina 140. Pakati pawo 25 anali a nambala za 265, a ku Malawi, omwe sawerengedwa pa 100 a dziko limodzi aja. Atsala 115. Vuto lachiwiri ndi la kuno kwenikweni: wamalonda amayenda ndi masimu awiri, ya Vodacom yolandirira ndalama pa M-Pesa, yoyamba ndi 84 kapena 85, ndi ya Movitel ya 86 kapena 87 yomwe imagwira netiweki kumudzi. Nambala yomwe ili m'kope ndi yolipirira, pamene Facebook anatsegulira ina, mwinanso simu yomwe inatayika kalekale. Meta imangowerenga omwe yawapeza, ndipo pa 115 si zachilendo kutsala ochepera 100. Apo anatseka fayilo n'kunena kuti mbewu sinakwane. Ena akanathiramo nambala za abale kuti ikwane. Iye anapempha malume kuti kuyambira tsiku limenelo azilemba nambala zonse ziwiri za wogula aliyense.

Podikira, kavidiyo ka pa sikelo kanali kakumusonkhanitsira mbewu ina mwakachetechete. Meta imalola kupanga gulu la anthu omwe anaonera gawo lina la vidiyo: masekondi 3, masekondi 10, kapena 25%, 50%, 75% ndi 95%, kubwerera m'mbuyo mpaka masiku 365. Woonera masekondi 3 ndi wodutsa chabe. Koma amene wapirira 75% ya vidiyo yosasangalatsa ya thumba ndi sikelo, yomwe yatchula kale kuti matumba ayambire 10, ali ndi chifukwa. Sali ngati wogula weniweni, koma aposa azakhali kutali. Kusakoma kwa vidiyoyo n'kumene kumaipatsa ntchito, ndipo n'chifukwa chake sanaikemo nyimbo.

Ngakhale mbewu itakwana, pali masamu ena omwe amamuletsa kuthamangira 1% yomwe aliyense amaitama. M'zaka zaposachedwapa anthu a pa Facebook ku Mozambique akhala pakati pa 3 ndi 4 miliyoni. Titenge 3.5 miliyoni: 1% yake ndi anthu 35,000, omwazikana dziko lonse, ndipo ambiri ali kumene mafoni achuluka, ku Maputo, Matola, Beira ndi Nampula. Chigawo cha Tete chili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu a dzikolo. Tikagawa mwachilungamo chotere, chigawo chonse chipeza anthu 3,500, ndipo m'bwalo la makilomita 30 lija mutsala ochepera apo. Tabwerera pa vuto lija la uthenga woonedwa ka 16. Kuti gulu lifike pa msinkhu womwe thumba lake likufuna, ayenera kukwera kufika 5% kapena kuposa, ndipo pofika apo kufananako kwasungunuka kwambiri moti sikusiyana kwenikweni ndi kungotenga akuluakulu onse a m'bwalomo. Ndiye chigamulo chake n'chakuti chidachi chidzamuthandiza tsiku lomwe malume adzayambe kutumiza malole ku Chimoio ndi Beira, pamene dera lidzakule moti kusefa kudzakhale ndi phindu. Pa mzinda umodzi, ndi ndalama ya masiku 10, malo ndi mawu zikukwanira. Ndikuona kuti walondola, ngakhale alipo odziwa ntchitoyi omwe angatsutse kuti kuyesa 5% sikupweteka. Sikupweteka kwa amene ali ndi thumba lachiwiri.

Uthenga ukayamba kuyenda, sakhudza kanthu masiku atatu kapena anayi oyamba, chifukwa kusintha gulu, chithunzi kapena kukweza ndalama kwambiri kumabwezera makinawo poyambira kuphunzira. Sadabwanso tsiku lina likadya kuposa 300, poti Meta imapyola malire a tsiku n'kudzabweza pa sabata. Chomwe amachita ndi kutsegula kope lake n'kulemba mawu oyamba a munthu aliyense wolemba. Mawu oyambawo amaulula zonse. "Lole ifika nthawi yanji, ndipo mutsitsira pati?" ndi wogula. "Mumathira feteleza wanji?" ndi mlimi, kusonyeza kuti uthenga walowera ku gulu la Agriculture lija. "Muli ndi ganyu?" kapena moni wopanda chotsatira ndi chizindikiro choti makinawo apeza anthu okonda kulemba mauthenga, poti ndi zomwe anawatuma. Apa ndi pamene nambala ya pa sikirini imanamiza. Yerekezani sabata imodzi yomwe yadya 1,500 n'kubweretsa anthu 60 pa mametikali 25 aliyense, wogula n'kukhala mmodzi. Ndi sabata ina ya 1,500 yomweyo yomwe yabweretsa anthu 30 okha pa mametikali 50, ogula n'kukhala asanu. Ads Manager idzayamikira sabata yoyamba. Kope lidzanena kuti wogula wa sabata yoyamba anadya 1,500, wa yachiwiri 300. Amadziwanso malire a kope lakelo: kusiyana kwa ogula atatu ndi anayi sikutanthauza kanthu, kungakhale mvula kapena tsiku la malipiro, ndipo sasintha njira chifukwa cha zimenezo.

Ku Macanga nkhani imatembenuka, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti sanaloweze lamulo limodzi. Malume amagulitsanso mbewu ya kachewere, ndipo wogula mbewu ndi mlimi, wa ku Furancungo ndi midzi yozungulira. Wina angati tsopano bokosi la Agriculture lapeza ntchito. Ayi ndithu. Kumeneko pafupifupi aliyense amalima, kaya fodya, chimanga kapena nyemba, ndiye bokosilo silingasiyanitse mlimi ndi wosalima. Lingangochotsa alimi ambiri omwe sanadinepo tsamba la zaulimi. Anthu a pa Facebook m'deralo ndi ochepa kale, moti kusefa kulikonse n'kudzipanikiza. Amaika chikhomo pa Furancungo, zaka kuyambira 25, basi. Uthenga amaulemba m'Chichewa, wotchula mtundu wa mbewu, kukula kwake, ngati yayamba kutulutsa maso, ndi malo omwe galimoto idzaime. Amayembekezera miyezi yomwe alimi alandira ndalama za fodya, chifukwa uthenga wofika munthu alibe kanthu m'thumba umangobala mafunso.

Gulu likachepa chotere, ndalama imatsika nalo. Satsanuliramo 300 pa tsiku. Amaika pafupi ndi malire otsikitsitsa omwe Meta imalola, ndipo amavomera kuti zotsatira 50 pa sabata sizikwana, mawu a Learning limited akhalapo mpaka mapeto. Diso lake limakhala pa Frequency, nambala yosonyeza kuti munthu mmodzi wauona kangati uthengawo. Ikadutsa 3 kapena 4 pa sabata, mtengo wa wolemba mmodzi n'kumakwera, amadziwa kuti onse omwe akanauona auona, ndipo amazimitsa. Amadziwanso kuti ku Macanga woona uthenga nthawi zambiri si wogula: ndi mwana wa wogula, kapena mphunzitsi wokhala ndi foni yaikulu yemwe akauze apongozi ake. N'chifukwa chake pa chithunzi penipeni amalembapo nambala yoimbira ya Movitel ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mlimi wa kafoni ka mabatani athe kuikopera papepala, ndipo aliyense woimba malume amamufunsa kuti wamva kwa ndani, yankho n'kulowa m'kope.